Pasiwedi ya Wayifayi: Mawu Asanu Aposa Nambala ya Foni

Mwezi usanafike pakati, bandulo ya pa rauta yatha. Ana akukanitsitsa, akuti sanaonere kanema aliyense. Mukatsegula tsamba la rauta n'kuwerenga zipangizo zomwe zalumikizidwa, mukupeza mafoni asanu ndi atatu, chonsecho pakhomo panu alipo anayi. Enawo alowera pati? Kawirikawiri alowera pa pasiwedi, chifukwa ambirife timangoikapo nambala ya foni yathu.

Nambalayo imaoneka yaitali, manambala 10 athunthu. Koma atatu oyambirira, monga 099 kapena 088, amadziwika ndi aliyense. Otsala asanu ndi awiriwo angasanjidwe m'njira 10,000,000 zokha. Mwina mukuti ndani angakhale pansi kuyesa zonsezo? Sayesa ndi zala ayi. Pa chitetezo cha WPA2, chomwe marauta ambiri amagwiritsa ntchito, foni yanu ikamalumikiza imapatsana moni wachinsinsi ndi rauta. Munthu wokhala pafupi atha kujambula moniwo ndi laputopu, kupita nawo kwawo, n'kusiya kompyuta ikulota pasiwedi popanda rauta yanu kudziwa kanthu. Kompyuta yamphamvu imayesa mapasiwedi mazana a masauzande pa sekondi imodzi. Nambala ya foni ija imagwa madzi a tiyi asanawire. Dzina la mwana lophatikiza ndi chaka chobadwa, kapena la timu ya mpira, limagwanso msanga, pakuti oterewa ndiwo amayesedwa koyamba.

Chimene chimalimbitsa pasiwedi ndi kutalika kwake komanso kusankhidwa mwachisawawa. WPA2 imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, choncho malo alipo ambiri. Mu 1995, Arnold Reinhold anakonza njira yotchedwa Diceware: mndandanda wa mawu 7,776, ndipo liwu lililonse limasankhidwa poponya madayisi asanu. Tiyerekeze kuti wakuba akuyesa kokwana 1,000,000 pa sekondi. Kuti amalize njira zonse za mawu anayi, angatenge zaka pafupifupi 116. Mukawonjezera liwu limodzi lokha, zaka zija zimafika pafupifupi 900,000.

Ifenso tingachite zofanana ndi zimenezi m'Chichewa. Tengani mtanthauziramawu, tsinzinani, tsegulani paliponse n'kuloza ndi chala. Lembani liwu lomwe chala chagwerapo, ndipo bwerezani kasanu. Chala sichifika pa dayisi, chimakonda kugwera pakati pa buku, n'chifukwa chake ndikuti mawu asachepere asanu. Mungapeze zonga izi:

```
nsomba-khasu-mitambo-galasi-ndodo
```

Zilembo ndi timizere zonse pamodzi zakwana 33, koma kuloweza n'kosavuta. Onani m'maganizo nsomba yasenza khasu, ikukwera kumitambo, yakaswa galasi ndi ndodo. Mukaseka kamodzi, simuiwalanso. Iyi musaigwiritse ntchito, poti yasindikizidwa kale, pangani yanu.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Mawu akatuluka osagwirizana, mtima umafuna kuwakonza kuti amveke bwino, mwinanso kungotenga mwambi, vesi kapena mzere wa nyimbo. Musatero. Chiganizo chimene mudzi wonse umachidziwa chikhoza kukhala kale pa mndandanda wa wakuba, ngakhale chitatalika bwanji. Liwu mulisinthe pokhapokha ngati ndi lovuta kulemba.

Ndipo mawu ovuta kulemba alipo. Pewani chilembo cha ŵ, chifukwa zipangizo zambiri sizichilandira mu pasiwedi ya Wayifayi. Pewaninso mawu okhala ndi kachizindikiro ka m'mwamba, monga ng'ombe: mafoni ena amalemba kopindika, ena kowongoka, ndiye rauta imakana pasiwedi yomwe m'maso mwanu ili yolondola. Zilembo zonse zikhale zazing'ono. Amene anayesapo kulemba pasiwedi pa kanema ndi rimoti, akusuntha chilembo chimodzichimodzi, akudziwa kuwawa kosakasaka zilembo zazikulu ndi zizindikiro.

Posintha, tembenuzani rauta. Pansi pake pamakhala kapepala kolembedwa adiresi, monga `192.168.1.1` kapena `192.168.8.1`. Ilembeni pa foni pomwe mumalemba adiresi ya pa intaneti, lowani, pezani gawo la `Wi-Fi` kapena `WLAN`, ikani mawu anu. Ngati pali WPA3, yomwe inabwera mu 2018, isankheni, chifukwa imatseka njira yolotera kunyumba ija; zipangizo zakale zikakana, bwererani ku WPA2. Zimitsani WPS, ndipo pasiwedi yolowera patsamba la rauta, yomwe nthawi zambiri imangokhala `admin`, muisinthenso.

Mukatero mafoni onse adzaduka, anu ndi a eni ake omwe, ndipo anu mudzawalumikizanso limodzi ndi limodzi. Mawu asanuwo alembeni m'kope lomwe limakhala m'kabati, osati pakhoma la pabalaza. Kumbukiraninso kuti mafoni ambiri amasiku ano amaonetsa pasiwedi kapena kuigawa ndi kachithunzi ka QR, kotero mlendo mmodzi atha kuipatsira anzake khumi. Mukaona foni yachilendo pa mndandanda uja, tsegulaninso mtanthauziramawu tsiku lomwelo.