Alembi a malonda a pa wailesi: dzina la Chingerezi, lilime la Chichewa

Tsiku la msika pa Kabwazi, m'boma la Dedza, khutu silipuma. Uku wogulitsa kachewere akuitanira, uko sipika ya pa shopu ya zipangizo zaulimi ikubwereza uthenga umodzimodzi kuchokera pa memore khadi, ndipo m'kanyumba ka ejenti wailesi ikulengeza za bandulo yatsopano. M'mawu onsewa muli mayina a Chingerezi: Airtel Money, Seed Co, Actellic, PICS. Mayi amene wabwera ndi nyemba zake kuchokera kumudzi sadodoma nawo mayinawa. Chimene chimamudodometsa ndi chiganizo chimene mawu ake onse ndi a Chichewa koma palibe munthu wa ku Dedza amene angachiyankhule.

Pali anthu amene ntchito yawo ndi kupewa chiganizo chotero. Ena ali m'makampani otsatsa malonda ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ambiri ndi aulutsi ndi okonza mapulogalamu a pa wailesi: ku MBC, imene inayamba mu 1964, ku Zodiak, imene Gospel Kazako anakhazikitsa mu 2005, ndi ku mawailesi a m'madera monga Bembeke FM ya ku Dedza komweko. Palinso anthu a zisudzo amene amabwereketsa mawu awo, anyamata oyankhula pa galimoto za zimkuzamawu, ndi a kasitudiyo ka pa tauni amene amajambulira eni mashopu uthenga wa sipika. Ambiri mwa iwo ntchitoyi anaiphunzira ali pa ntchito pomwepo, pomvera anzawo ndi kudzudzulidwa ndi omvera.

Kawirikawiri ntchito imayamba ndi pepala la Chingerezi lochokera kwa mwini katundu. Pamakhala dzina la katundu, ubwino wake, mtengo, kumene akupezeka, ndi kutalika kwa uthenga: masekondi 30, 45 kapena 60. Mlembi wongoyamba kumene amatenga pepalalo n'kuyamba kumasulira mzere ndi mzere. Wozolowera amaliwerenga kawiri, n'kulitembenuza chafufumimba, kenako n'kudzifunsa mmene mlamu wake angauzire mnzake za chinthuchi ali pa mjigo kapena pa bawo.

Chifukwa choyamba chochitira zimenezi ndi nthawi. Mawu a Chichewa ndi aatali, pakuti mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. "Sindidzakugulitsaninso" ndi liwu limodzi, koma lili ndi maphatikizo 9. Uthenga umene pa Chingerezi ukukwana bwino m'masekondi 30 umasefukira ukamasuliridwa wonse. Apa wojambula amauza woyankhula kuti athamange, ndipo pa wailesi ya batire yofooka ku Kabwazi zimangomveka ngati mvula ya pa malata. Mlembi wabwino amawerenga mokweza ali ndi wotchi ya pa foni m'manja, ndipo zikasefukira amadula mfundo, osati mpweya wa woyankhula.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona luso, ndi kusankha mawu a Chingerezi oti atsale. Dzina lolembedwa pa paketi, pa botolo kapena pa chikwangwani cha ejenti silimasuliridwa, chifukwa wogula akafika pa shopu ayenera kutchula chimene wogulitsa akuchidziwa ndi kuona ndi maso chimene anamva ndi khutu. Nambala zoimba pa foni nazonso zimakhala momwe zilili: *211# ya Airtel Money, *444# ya TNM Mpamba. Ndalama anthu amaziwerenga m'Chingerezi cha pa msika, choncho mlembi amalembera woyankhula "faifi sauzande kwacha". Akalemba "makwacha zikwi zisanu" sanalakwe malamulo, koma womvera amayamba wawerengera kaye m'mutu, uthenga n'kumudutsa. Mawu obwereka amene anakhazikika kale, monga feteleza, shopu, bandulo, mayunitsi ndi ejenti, amalowa opanda kupepesa.

Koma dzina la Chingerezi likalowa m'chiganizo limvere malamulo a pakhomo. Chichewa chimaika dzina lililonse m'gulu lake, ndipo gululo limalamulira mawu onse otsatira. Anthu amati "Airtel Money yanga yatsekedwa", koma "Mpamba wanga watsekedwa". Amati "feteleza wabwera", "bandulo yatha", "mabandulo atha". Palibe komiti imene inakhala pansi kugawa mayinawa. Anagawa ndi pakamwa pa anthu, ndipo mlembi amene salowa mumsika sangadziwe. Wina akalemba "bandulo latha" chifukwa akuganiza za liwu loti "phukusi", achinyamata a pa mzere wa ejenti amadziwa nthawi yomweyo kuti walemba ndi mlendo.

Makampani ena anaona msanga kuti dzina la Chichewa limapeputsa ntchito. Kondomu ya Chishango inabwera mu 1994 ndi dzina lomveka lokha. TNM inatcha ndalama zake za pa foni Mpamba, liwu limene wa geni aliyense amalidziwa. Seed Co inapatsa mbewu zake za chimanga mayina a nyama: SC 403 ndi Kanyani, SC 627 ndi Mkango, SC 719 ndi Njobvu. Mlimi wa ku Kabwazi safunsa nambala, amangoti "Kanyani alipo?" Mlembi wanzeru amatsogoza nyamayo, nambala n'kubwera kamodzi kokha kumapeto, kuti wogula akaizindikire pa paketi. Mayina ena anachita kumezedwa ndi chiyankhulo: kwa ambiri sopo waufa aliyense ndi sefa, mankhwala otsukira mano ndi kolugeti, ndipo mankhwala othira m'chimanga ndi akiteliki. Izi zimavuta mlembi wa kampani ina yopikisana nawo, chifukwa liwu limene anthu amamva bwino ndi dzina la mnzake wa pa mpikisano. Amayenera kuzungulira n'kunena "sopo waufa" kapena "mankhwala a anankafumbwe".

Tiyerekeze kuti mwini shopu ina pa Kabwazi akufuna uthenga wa masekondi 30 mu Meyi, nthawi yokolola, wotsatsa matumba a PICS. Matumbawa anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapepala a pulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, ndipo akamangidwa bwino mpweya sulowa, tizilombo timafa popanda mankhwala. Kumasulira pepala la mwini shopu mzere ndi mzere kumabala zinthu zotere: "Kodi mwatopa ndi kutaya zokolola zanu? Tikubweretsa kwa inu yankho la kasungidwe lopanda mankhwala. Imvani kusiyana lero!"

Liwu lililonse pamenepo ndi la Chichewa, koma fungo ndi lachilendo. Mlimi sataya zokolola, chimanga chake chimafumbwa. "Yankho la kasungidwe" palibe anayamba walionapo pa shelefu. "Imvani kusiyana" ndi chiganizo chimene chili ndi tanthauzo kwa yekhayo amene akudziwa Chingerezi chimene chabisala pansi pake. Chizindikiro chachikulu cha uthenga womasuliridwa ndi chimenechi: mayina aatali oyamba ndi ka- ndi ku- amachuluka, aneni amachepa, ndipo "wanu", "yanu", "zanu" amabwera m'chiganizo chilichonse.

Mlembi wodziwa amaika anthu awiri pa khonde:

"Alamu, chimanga cha chaka chatha chikadali chonchi? Changa chinafumbwa kalekale!"

"Ndinasunga m'matumba a PICS, alamu. Osathira mankhwala."

"Nanga anankafumbwe?"

"Apuma bwanji? Mapepala awiri m'kati, saka kunja. Bola chiume bwino, mumange lililonse palokha."

Kenako liwu lachitatu limatchula dzina la shopu, malo ake pa Kabwazi, mtengo, ndi dzina la matumbawo kachiwiri.

Taonani zimene zachitika. Dzina la Chingerezi latsala limodzi lokha, ndipo lagwiridwa dzanja ndi liwu la Chichewa: "matumba a PICS". Njira imeneyi imathetsa mkangano wa gulu la dzina, chifukwa "matumba" ndi amene akulamulira chiganizo. M'mphepete mwa pepala mlembi amalembera woyankhula kuti atchule "pikisi", monga amanenera alimi ndi alangizi, osati kutchula lembo limodzilimodzi. Alamu awiriwa akuyankhulana mwa "inu", ndipo liwu lomaliza lidzati "fikani", osati "fika", pakuti amene ali ndi ndalama ya matumba ndi bambo kapena mayi wa pakhomo. "Iwe" amasungira uthenga wa achinyamata, ndipo ngakhale pamenepo amayamba waganiza kuti wailesi ya m'mudzi amamvera onse pamodzi, agogo ali pomwepo.

Chiganizo cha kuumitsa chimanga ndi chimene mwini shopu angafune kudula nthawi ikachepa. Mlembi wosamala amakana, ndipo amakhoza. Chimanga chosauma chikatsekeredwa m'thumba losalowa mpweya chimaonongeka, ndipo mlimi amene wataya thumba la makilogalamu 50 sadzakhulupiriranso shopuyo kapena wailesi imene inamuuza. Palinso Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limalandira madandaulo a otsatsa malonda monyenga. N'chifukwa chake liwu loti "ulere" limafuna kusamala. Ngati wogula alandira chinthu chowonjezera atagula kaye china, msika uli ndi mawu ake enieni: banyira, kapena basera. Mawuwa amanena zoona, ndipo ndi aafupi.

Mu situdiyo mumatuluka mavuto ena amene pa pepala saoneka. Kalembedwe ka Chichewa sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa shopu amalembedwa mofanana, ndipo woyankhula wosatchera khutu akhoza kusokoneza. Vuto lina ndi la woyankhula amene akafika pa dzina la Chingerezi amasintha lilime, n'kulitchula ngati wowerenga nkhani wa ku London, kenako n'kubwerera ku Chichewa. Khutu limamva msoko pamenepo. Wojambula wabwino amamubweza kuti dzinalo lituluke ndi pakamwa pomwepo pamene patuluka mawu enawo.

Asanapereke ntchito kwa mwini wake, alembi ena amayamba aliza uthengawo pa foni kwa mlonda wa pa geti kapena mayi wogulitsa mandasi panja pa ofesi. Samufunsa ngati wakoma. Amamufunsa zinthu zitatu: akugulitsa chiyani, kuti, ndipo ndalama zingati. Akalephera kuyankha chimodzi, pepala limabwerera pa tebulo, ndipo uthengawo sufika pa sipika ya pa Kabwazi mpaka utalembedwanso.