Mu Chikoreya Ulemu Umakhala Kumathero kwa Mneni

Anthu awiri akakumana koyamba mumzinda wa Seoul, sipapita nthawi yaitali wina asanafunse mnzake chaka chimene anabadwa. Mlendo angaone ngati n'kulowerera za eni, koma wofunsayo amakhala ali pa vuto lenileni. Mu Chikoreya mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo, ndipo mneniyo sangaime wopanda mathero osonyeza mmene wolankhula akumuonera womvera. Choncho ngakhale kungonena kuti "ndikupita", uyenera kukhala utasankha kale ngati munthuyo ndi wamkulu kwa iwe, mnzako, kapena mwana.

Ife a Chichewa zimenezi si zachilendo kwenikweni. Mwana timamuuza kuti "pita", wamkulu timati "pitani". Kusiyana kwake n'kwakuti ife tili ndi masitepe awiri, iwe ndi inu, pamene mabuku a galamala ya Chikoreya amatchula masitepe 6 kapena 7. Ena mwa iwo masiku ano amangomveka m'mapemphero, m'mafilimu a mbiri ya mafumu akale, kapena pakamwa pa okalamba. Pocheza tsiku ndi tsiku anthu amadalira atatu, ndipo lachinayi ndi lolembera.

Poyambira ndi tsinde. Mneni aliyense wa Chikoreya mumtanthauziramawu amathera ndi -da: gada (가다) ndi kupita, meokda (먹다) ndi kudya. Mukachotsa -da, chotsalacho ndiye tsinde: ga- ndi meok-. Malembo awiri akuti eo asakusokonezeni. M'kalembedwe ka Chikoreya ndi zilembo zathuzi, kamene boma la kumeneko linakhazikitsa mu 2000, eo ndi liwu limodzi lomveka pakati pa a ndi o, ndipo eu nalonso ndi liwu limodzi, lokhala ngati u wotchulidwa milomo ili yotambasuka. Tsinde likapezeka, muyang'ane kumapeto kwake. Ga- likuthera ndi lembo la liwu, meok- likuthera ndi lembo lopanda liwu. Pafupifupi zonse zotsatira zikudalira pamenepo.

Sitepe lapamwamba mwa atatu aja ndi limene mumamva kwa owerenga nkhani pa wailesi yakanema, kwa asilikali, pamisonkhano ya kuntchito ndi pazilengezo za m'ndege. Lamulo lake ndi losavuta. Tsinde lothera ndi lembo la liwu limalandira -mnida, lothera ndi lopanda liwu limalandira -seumnida. Motero kupita kumakhala gamnida, kudya kumakhala meokseumnida. Likakhala funso, -da wakumapeto amasanduka -kka: gamnikka, meokseumnikka. Wophunzira kuwerenga zilembo za Hangul amadabwa poona kuti gamnida amalembedwa 갑니다, ndi chilembo cha p kapena b pansi pa phatikizo loyamba. Sikulakwitsa kwa wolemba. Chilembocho chikatsatana ndi n chimamveka ngati m, ndipo n'chifukwa chake zikomo wa Chikoreya amamveka gamsahamnida.

Sitepe lachiwiri ndilo lofunika kulidziwa bwino, chifukwa ndi limene mlendo angalankhule kumsika, m'basi ndi kwa woyandikana naye nyumba osalakwira munthu. Limathera ndi -yo, koma -yo sakhala patsinde mwachindunji. Pakati pamalowa -a- kapena -eo-, ndipo chosankha ndi liwu lomaliza la m'tsindemo. Likakhala a kapena o, mathero ndi -ayo. Likakhala lina lililonse, mathero ndi -eoyo. Batda, kulandira, ali ndi a, ndiye amakhala badayo. Meokda ali ndi eo, ndiye amakhala meogeoyo. Muona kuti t wasanduka d ndipo k wasanduka g; ndi katchulidwe chabe, chifukwa malembowa amafewa akakhala pakati pa malembo a liwu, koma mu Hangul chilembocho sichisintha.

Kusankha kotereku pakamwa pathu timakuchita kale osaganizira n'komwe. Timati gulira, phikira, koma lembera, gonera. Palibe amene anatikhazika pansi n'kutiuza kuti tsinde la e kapena o limafuna -er-, pamene la a, i kapena u limafuna -ir-. Khutu linazolowera. Mwana wa ku Busan naye -ayo ndi -eoyo amazidziwa chimodzimodzi, kungoti magulu a malembo a liwu m'chiyankhulo chake anagawika mwina.

Povuta ndi pamene tsinde likuthera ndi lembo la liwu, pakuti malembo awiri a liwu akakumana amamezana. Ga- kuphatikiza -ayo sapereka gaayo. A mmodzi amatayika n'kutsala gayo. Oda, kubwera, tsinde lake ndi o-, ndipo o akakumana ndi a amapanga wa: wayo. Boda, kuona, amakhala bwayo. Masida, kumwa, tsinde lake ndi masi-, limene limatenga -eoyo, ndipo i ndi eo akaphatikana timamva masyeoyo. Pali mneni mmodzi woyenda yekha, hada, kuchita, amene amasanduka haeyo. Ameneyu ndi woti mungomuloweza pamtima tsiku loyamba, chifukwa aneni ambirimbiri amapangidwa pomuika kumapeto kwa dzina: gongbu ndi maphunziro, gongbuhada ndi kuphunzira, gongbuhaeyo ndi mmene mumanenera pocheza mwaulemu.

Sitepe lachitatu silifuna kuphunzira kwatsopano. Mungochotsa -yo: ga, meogeo, wa, bwa, hae. Akoreya amalitcha banmal, ndipo ndi la ana, anzako apamtima ndi abale ang'onoang'ono. Kuphweka kwakeko ndiye ngozi yake. Phatikizo limodzi lokha likagwa polankhula ndi munthu wosamudziwa, mwamunyoza, ndipo mikangano ya pamsewu kumeneko nthawi zambiri imafika pa funso loti "bwanji ukundilankhula banmal?" Anthu awiri akazolowerana, salowa mu banmal mwakachetechete. Amayamba agwirizana, ndipo kawirikawiri amene amapereka chilolezo ndi wamkuluyo. Ponena za sitepe lolembera lija, la m'manyuzipepala ndi m'mabuku, mathero ake ndi -nda kapena -neunda, monga ganda, ndipo papepala silinyoza aliyense chifukwa silikulankhula ndi munthu mmodzi.

Zonsezi zikuyankha funso limodzi lokha: ndikulankhula ndi ndani? Koma pali funso lachiwiri, limene ophunzira ambiri amalisakaniza ndi loyambalo: ndikunena za ndani? Ulemu wopita kwa munthu amene akuchita chinthucho uli ndi malo akeake, pakati pa tsinde ndi mathero, ndipo ndi kachidutswa kakuti -si-. Tsinde likathera ndi lembo lopanda liwu kamakhala -eusi-. Kakakumana ndi -eoyo, ziwirizi zimatuluka ngati -seyo: gaseyo, badeuseyo. Moni wotchuka uja, annyeonghaseyo, anamangidwa motero: annyeong ndi mtendere, ha- ndi tsinde la hada, kenako -si- ndi -eoyo.

Tiyeni timange mawu amodzi kuchokera pansi. Tikufuna kunena kuti agogo aamuna anapita. Tsinde ndi ga-. Agogo ndi olemekezeka, ndiye tiikapo -si-: gasi-. Nthawi yakale imasonyezedwa ndi -ass- kapena -eoss-, posankha ndi lamulo lomwe lija la liwu lomaliza. Liwu lomaliza tsopano si a wa ga- koma i wa -si-, choncho titenga -eoss-, ndipo i ndi eo aphatikana monga anachitira pa masyeoyo: gasyeoss-. Apa ndiye tiyang'ane womvera. Ngati ndi mng'ono wanu, muti gasyeosseo. Ngati ndi mayi wa nyumba yoyandikana nanu, gasyeosseoyo. Ngati mukulengeza pamsonkhano, tsinde lathu lalitalili likuthera ndi lembo lopanda liwu, ndiye litenga -seumnida: gasyeotseumnida (가셨습니다).

Taonani chiganizo chouza mng'ono chija. Muli banmal kumathero, koma -si- wa agogo ali pamalo pake. N'chimodzimodzi ndi kuuza mwana kuti "iwe, agogo apita": mwanayo ndi iwe, koma agogo sitinganene kuti wapita. Tikatembenuza, kuuza aphunzitsi kuti mng'ono wanu anapita, -si- amachoka koma -yo amakhalapo: gasseoyo. Pamenepa pali kamsampha kakang'ono. Tsinde ga- latenga -ass- monga mwa lamulo, koma pambuyo pa chizindikiro cha nthawi yakale nthawi zonse pamabwera -eoyo. Gassayo kulibe.

Aneni ochepa salola kungowonjezedwa -si-, amasinthiratu. Agogo sachita meokda, amachita deusida. Sachita jada, kugona, koma jumusida. Ndipo munthu sadziikira -si- iye mwini. Wophunzira amene waloweza gaseyo ngati mawu aulemu a kupita, n'kumanena za ulendo wake ndi mawu omwewo, amamveka ngati akudziombera yekha m'manja.

Pali masinde ena amene amasintha maonekedwe malingana ndi chimene chabwera pambuyo pawo. Salda, kukhala pamalo, amasunga l wake pa sarayo, ngakhale amamveka ngati r, koma amamutaya pa samnida ndi saseyo. Zotsatira zake n'zoseketsa pang'ono, chifukwa sada, kugula, nayenso amapereka samnida ndi saseyo, moti chosiyanitsa ndi nkhani imene ikukambidwa basi. Deutda, kumva, amakhala deutseumnida pa sitepe lapamwamba koma deureoyo pa lachiwiri, pamene batda, amene akuthera ndi chilembo chomwecho, sasintha chilichonse. Poyang'ana mawu a mumtanthauziramawu okha simungadziwe kuti wosintha ndi uti. Ine ndimaona kuti mabuku amene amayamba ndi -mnida chifukwa ndi wosavuta kulumikiza amangochedwetsa vutoli. Ndi bwino mneni aliyense watsopano kumuloweza pamodzi ndi maonekedwe ake a -yo, deutda ndi deureoyo limodzi, chifukwa pamenepo ndi pamene kusintha kochuluka kumaonekera, ndipo banmal ndi nthawi yakale zimamangidwa pa maonekedwe omwewo.

Eni chiyankhulo nawonso -si- amawapunthwitsa, koma mbali ya kuchulukitsa. M'malo ogulitsira khofi ku Koreya si zachilendo kumva woperekera akunena kuti keopi naosyeotseumnida, kutanthauza kuti khofi watuluka. Mathero a -seumnida ali bwino, akulemekeza wogula. Koma -si- amalemekeza wochita, ndipo wochita m'chiganizochi ndi khofi, ngati kunena kuti "a khofi afika". Cholondola ndi keopi nawatseumnida. Akatswiri a chiyankhulo kumeneko akhala akudzudzula kalankhulidwe kameneka kwa zaka zambiri, koma sikakutha, ndipo ena ogwira ntchito m'masitolo amati amadziwa ndithu kuti n'kolakwika, kungoti pali ogula amene akapanda kumva -si- amaona ngati sanapatsidwe ulemu wokwanira.