Ndolo ndi wotchi paulendo wa pandege

Zibangili, ndolo ndi wotchi yamtengo wapatali musaziike m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Ikasowa kapena kutsegulidwa, makampani ambiri a ndege amakana kulipira zinthu zotere. Zikhale m'kachikwama kam'manja.

Mkanda wagolide uloŵetseni m'kapaipi komwera zakumwa n'kuumanga, kuti usapiringizane. Wotchi ikulungeni payokha m'kansalu kofeŵa, chifukwa dayamondi wa pamphete amakanda ngakhale galasi lolimba.

Pamalo osecha pabwalo la ndege mpamene ambiri amalirira. Munthu amavula wotchi, n'kuiika poyera m'thireyi, iye n'kutsala pamzere thireyi itadutsa kale. Itsekereni m'thumba lazipi la chikwama musanafike pamenepo. Ndipo musananyamuke, jambulani chilichonse pafoni, pamodzi ndi nambala ya wotchiyo: apolisi adzaifunsa.