Ndalama yapita, mayunitsi sanalowe: kulondola tokeni ya magetsi yosowa

Foni ikalira kuti ndalama yachoka, ambiri amayesa kuti magetsi agulidwa, nkhani yatha. Chikhalirecho mita yomwe ili pakhoma siidziwa kalikonse za malondawo. Mamita ambiri olipiriratu a ESCOM salumikizana ndi foni, banki kapena ajenti wa pamsika. Chomwe chimanyamula mayunitsi kuchoka kwa wogulitsa kufika m'nyumba ndi manambala 20 aja, otchedwa tokeni, ndipo wowanyamula ndi munthu ndi zala zake. Akapanda kulowetsedwa, mita imapitiriza kudya mayunitsi akale mpaka kuthimitsa.

Tiyerekeze mayi wa ku Ndirande amene wagula magetsi a K10,000 pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ali m'minibasi. Uthenga woti ndalama yachoka wafika, koma wa tokeni sanauone. Patatha masiku atatu, madzulo nsima ili pamoto, nyumba yachita mdima pomwe kwa aneba kukuwala. Apa pali malo atatu pomwe tokeniyo ingakhale itatsakamira: pafoni, ku ofesi ya ESCOM ndi pa mita, ndipo kuwayendera motsatana kumapulumutsa nthawi ndi ndalama ya thiransipoti.

Poyambira ndi pafoni pomwepo. Uthenga wa kuchoka kwa ndalama umakhala ndi nambala ya malondawo, tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Mayiyo asaufufute, chifukwa ndiwo lisiti lake. Nthawi zina tokeni imabwera mu uthenga wachiwiri wochokera ku dzina lina, choncho imabisala pakati pa mauthenga otsatsa mabando, kapena imalephera kulowa chifukwa foni yaing'ono yadzaza. Ngati siikupezekadi, aimbire kampani ya foniyo kapena banki n'kutchula nambala ya malonda ija. Funso loyenera kufunsa ndi limodzi: kodi ndalamayo inafika kwa ogulitsa magetsi ndipo tokeni inapangidwa? Ngati netiweki inaduka pakati, ndalama imachoka koma tokeni osapangidwa, ndiye chofunika kutsatira ndi kubwezedwa kwa ndalamayo. Pa zonsezi palibe amene ayenera kufunsa nambala yachinsinsi ya akaunti, ndipo woifunsa ndi wakuba.

Ngati tokeni inapangidwa, ndiye kuti siinatayike. Kompyuta yogulitsa mayunitsi imasunga tokeni iliyonse pansi pa nambala ya mita yomwe inagulidwira, choncho ku ofesi ya ESCOM angathe kuona zomwe zagulidwa pa mitayo n'kupereka manambala omwewo kachiwiri. Mayiyo atenge nambala ya mita, yomwe pa mamita ambiri imakhala ya manambala 11, pamodzi ndi uthenga uja. Apa ndi pomwe pamaululikanso vuto lowawa kwambiri: kugulira mita ya eni ake. Kuphonya nambala imodzi polemba nthawi zambiri kumagwidwa, popeza nambala yomaliza ya mita ndi yotsimikizira zinzake. Chomwe chimagwetsa anthu ndi nambala yolondola ya mita yolakwika, monga ya nyumba yomwe ankachita lendi kale, kapena ya alandilodi yomwe inasungidwa m'foni. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga dzina lomwe limaoneka musanavomereze kulipira.

Tokeni yotereyi singalowe mu mita ya mayiyo ngakhale ataiyesa usiku wonse. Mamitawa amatsata dongosolo lotchedwa STS, lomwe linayambira ku South Africa, ndipo pa dongosololi mita iliyonse ili ndi kiyi wakewake wachinsinsi. Tokeni imakhomedwa ndi kiyi wa mita imodzi basi. Ubwino wake ndi woti munthu wotola lisiti panjira sangaligwiritse ntchito kwawo, ndipo kutumiza tokeni kwa mwana amene ali kunyumba sikoopsa. Kuipa kwake ndi koti ikapita kwa ena, njira yachidule imakhala kukambirana ndi amene akukhala m'nyumbamo kuti alowetse mayunitsiwo n'kubweza ndalama.

Pali chinthu chimodzi chomwe ofesi singayankhe pongoyang'ana mndandanda wa zogulidwa: ngati tokeniyo inalowetsedwa kapena ayi. Mboni ndi mita yokha, ndipo njira yoifunsira ndi kulowetsa manambalawo. Palibe chomwe chingaonongeke, pakuti tokeni imodzi silowa kawiri. Mawu omwe amaoneka amasiyana malinga ndi kampani yopanga mita, ndipo ena amaonetsa zizindikiro chabe, koma ambiri amalemba Accept ikalandira, Used ngati inalowa kale, Old ngati yakalamba, ndi Reject kapena Error ngati manambala alakwika kapena ndi a mita ina. Mayiyo alembe mayunitsi omwe akuoneka asanalowetse ndiponso atalowetsa. Ikalemba Used, ndiye kuti wina m'nyumbamo analowetsa kale ndipo magetsiwo anagwiritsidwa ntchito. Pa mita yogawana mabanja angapo, mkangano wambiri umathera pamenepa. Ikakana, aonenso manambala anayianayi modekha, chifukwa mamita ambiri amayamba kuchedwetsa munthu akalakwitsa motsatizana.

Nthawi zina mlandu suli pa tokeni. M'nyumba zambiri mita yeniyeni ili pa polo kapena m'bokosi panja, ndipo m'nyumba muli kabokosi ka mabatani chabe. Mitundu ina ya kabokosika imayankhulana ndi mita kudzera m'mawaya a magetsi a m'nyumba momwemo, choncho kayenera kulumikizidwa pa soketi ya pakhoma yoyatsa, osati pa chingwe chowonjezera. Mayunitsi akatheratu kamadalira mabatire, ndipo ngati afooka manambala amalembeka koma osafika ku mita. Ngatinso dera lonse lathimitsidwa magetsi, mita imakhala itazima ndipo singalandire kanthu mpaka abwere.

Nanga tokeni yopezeka m'thumba la jekete patatha miyezi? Siwola ndi kalendala, koma ili ndi malire ake. M'kati mwa manambala 20 aja muli chizindikiro cha mphindi yomwe tokeniyo inapangidwa. Mita imakumbukira zizindikiro za matokeni osachepera 50 omwe yalandira, ndipo malo akadzaza imataya chakale kwambiri. Tokeni yopangidwa kale kuposa zonse zomwe mita ikukumbukirabe imakanidwa kuti Old, chifukwa mita ilibenso njira yodziwira ngati inailandirapo. Banja logula kawiri pa sabata limakwanitsa 50 m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, pomwe logula kamodzi pamwezi limatenga zaka zinayi.

Malire ena anabwera ndi kusintha kwa makiyi. Mphindi zija zinkawerengedwa kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo ake amakwana mphindi 16,777,216 zokha, zomwe zinatha pa 24 Novembala 2024. Mamita a STS m'maiko ambiri anayenera kulandira matokeni awiri apadera osinthira kiyi, kuti kuwerenga kuyambire chaka cha 2014. Tokeni yogulidwa ndi kiyi wakale koma osalowetsedwa kusinthako kusanachitike imakanidwa ndi mita yosinthidwa, monganso imakanidwira mita ikachotsedwa n'kuikapo yatsopano. Wokhala ndi tokeni yotere apite nayo ku ofesi pamodzi ndi lisiti, nambala ya mita ndi chithunzi cha zomwe mita yalemba poikana, kuti aone tsiku lomwe inagulidwa poyerekeza ndi tsiku lomwe kiyi kapena mita inasinthidwa.