Mkono wolowerera pachithunzi cha ukwati: kuuchotsa osawononga zotsala

Pa nthawi ya perekaniperekani, wojambula sauza anthu poima. Amadina kamera pomwe mkwatibwi wamwetulira, koma poyang'ana chithunzicho apeza kuti m'mbali mwatulukira mkono wa munthu woponya ndalama, mwini wake osaoneka. Mkonowo waphimba khoma la njerwa ndipo zala zakhudza phewa la mkwatibwi. Chithunzi chotere chimakonzeka, bola wokonzayo adziwe chimene akuchita.

Kamera sinaone chimene chinali kuseri kwa mkonowo, ndiye palibe pulogalamu imene ingachibweze. Pulogalamu imangobwereka timadontho ta malo oyandikana nawo, kapena kupeka tina tofanana nato, n'kumata pamene panali mkono. Nchifukwa chake funso loyamba ndi lakuti: kuseriko kunali chiyani? Thambo, udzu kapena khoma lopaka laimu sizivuta. Njerwa, maluwa a chitenje ndi nkhope ya munthu ndizo zimatulutsa thukuta.

Ngati mkono uli m'mphepete penipeni, kudulako mbaliyo n'kokwanira. Apa sizingatheke, chifukwa phewa lingapite nawo limodzi.

Musanayambe, pemphani chithunzi chenichenicho chochokera mu kamera. Chimene chatumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimakhala chofinyidwa, ndipo mukachikulitsa m'mbali mwa zinthu mumaoneka mbuu. Uzani wotumiza asankhe Document. Mukachitsegula mu Photoshop, dinani Ctrl+J kuti mukhale ndi kope logwirirapo ntchito, choyambacho chisakhudzidwe.

Ntchitoyi igaweni pawiri, gawo la khoma ndi gawo la phewa. Pakhoma, zungulizani mkono ndi Lasso Tool, kusiya kampata kakang'ono kuzungulira khungu. Mukalemba mzere wothina kwambiri, pamatsala kamkombero kofiirira kosonyeza pomwe mkono unadutsa. Mthunzi umene mkono waponya pakhoma uloweinso m'kati, pakuti mthunzi wopanda mwini ndiwo umaulula msanga kuti chithunzi chakonzedwa. Kenako sankhani Edit, ndiye Content-Aware Fill, chida chimene chinabwera mu Photoshop m'chaka cha 2010. Malo amene pulogalamu ikubwerekako amaoneka obiriwira. Fufutani kubiriwirako pa diresi ndi pa tsitsi, kutsale pa njerwa pokha. Mukapanda kutero, mudzaona kachidutswa ka velo katamera pakhoma.

Tsopano kulitsani chithunzi n'kutsata mizere ya simenti pakati pa njerwa. Kawirikawiri imakhala itathyoka kapena kupindika. Iwongoleni ndi Clone Stamp: gwirani Alt n'kudina pamphambano ya mizere pamalo abwino, kenako yambani kupaka pamphambano ina pamalo owonongeka, kuti mizere ikumane. Muzisinthasintha malo otengako. Mukatenga pamodzimodzi, njerwa imodzi yokhala ndi banga lake idzaoneka katatu motsatizana, ndipo diso la munthu silichedwa kuzindikira zobwerezabwereza.

Paphewa ndi pofunika kudekha kwenikweni. Apa pakumana zinthu ziwiri, nsalu yoyera ndi njerwa yofiira, ndipo zida monga Healing Brush zimasakaniza mitundu iwiriyi n'kusiya chibanga ngati utsi. Njira yabwino ndi kudzilembera nokha mzere wa phewa ndi Pen Tool, kutsata mmene likupindikira kumtunda ndi kumunsi kwa zalazo. Mzerewo usandutseni malire, mupake nsalu m'kati mwake, kenako mutembenuze malirewo ndi Ctrl+Shift+I n'kupaka njerwa kunja. Malirewo afewetseni pang'ono chabe, afanane ndi m'mphepete mwa phewa linalo. Akathwa kuposa mbali zina za chithunzi, mkwatibwi amaoneka ngati wodulidwa ndi sizasi.

Ngati wojambula anadina kangapo motsatizana, fufuzani chithunzi chapafupi chimene phewa likuoneka lonse, mutengepo kachigawoko. Ine ndimaona kuti njira imeneyi iposa zonse, chifukwa mukuikapo chinthu chimene chinalipodi.

Amene alibe Photoshop angagwiritse ntchito GIMP, yomwe ndi yaulere. M'menemo posankha malo otengako mumagwira Ctrl. Pafoni pali Healing ya mu Snapseed ndi Magic Eraser ya Google, imene inayamba mu 2021. Zimenezi zimachita bwino pakhoma, koma paphewa ndi pa chitenje cha maluwa nthawi zambiri zimapaka zosadziwika.

Zonsezi n'zoyenera pa zithunzi za m'banja. Kwa atolankhani lamulo ndi lina. Mu 2014 bungwe la Associated Press linasiya kugwira ntchito ndi wojambula Narciso Contreras chifukwa anafufuta kamera ya mnzake imene inaoneka pakona ya chithunzi cha nkhondo ya ku Syria. Ngati chithunzi chanu chikupita ku nyuzipepala kapena chikakhala umboni pa mlandu, mkonowo usiyeni momwemo.