Pa laputopu ikuyenda, pa intaneti yakana

Mnyamata walemba pulogalamu yoonetsa katundu wa m'sitolo. Pa laputopu yake zonse zikuoneka, sopo, shuga, mitengo yake. Waikweza pa intaneti kuti makasitomala aziona, koma tsamba likutseguka lopanda kanthu. Nthawi zambiri khodi imakhala ilibe vuto. Chasowa ndi mfundo imodzi imene pulogalamuyo imayembekeza kuuzidwa ndi makina amene ikukhalamo.

Opanga mapulogalamu salemba maadiresi ndi makiyi mkati mwa khodi. Amazipatsa mayina n'kuzisunga padera, kawirikawiri m'fayilo yotchedwa `.env`. Mnyamata wathuyu akugwiritsa ntchito Vite, ndipo m'fayilo yake muli mzere umodzi:

```
VITE_API_URL=http://localhost:3000
```

Fayiloyi anailemba mu `.gitignore`, ndipo anachita bwino, chifukwa zinsinsi siziyenera kupita ku GitHub. Koma zikatero fayiloyo imatsala pa laputopu. Seva imalandira khodi yofunsa `VITE_API_URL`, dzina limene palibe anaiuza.

Chizindikiro chake n'chosabisika. Tsegulani tsambalo, dinani F12, muyang'ane pa Network. Mukaona pempho likupita ku `/undefined/katundu`, dziwani kuti dzinalo linafika lopanda kanthu. Mukaona `localhost:3000`, ndiye kuti adiresi ya kunyumba ndi imene yapita, ndipo foni ya kasitomala ikudzifunsa yokha katundu amene ilibe.

Kukonza kumayambira pa tsamba la kampani yosunga pulogalamuyo, pagawo lolembedwa Environment Variables. Pamenepo mnyamatayo alembe dzinalo ndi adiresi yeniyeni ya seva yosunga katundu. Alembe chilembo ndi chilembo, chifukwa pa Linux `vite_api_url` ndi `VITE_API_URL` ndi mayina awiri osiyana.

Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi: walemba, wasunga, watsegulanso tsamba, koma palibe chasintha. Chifukwa chake n'chakuti Vite imawerenga dzinalo kamodzi kokha, pa nthawi ya `npm run build`, n'kulowetsa adiresiyo m'mafayilo a mu `dist`. Zili ngati mchere m'chigumu: chikapsa, sungauthirenso, umangophika china. Choncho kuzimitsa ndi kuyatsa seva sikuthandiza. Pulogalamuyo imangidwenso, ikwezedwenso.

Ine ndimalimbikitsa kuti khodi izikuwa msanga m'malo mongokhala chete:

```
if (!import.meta.env.VITE_API_URL) throw new Error("VITE_API_URL palibe");
```

Mzere umenewu umatchula chosowacho ndi dzina lake pa Console, ndipo munthu sataya usiku akufufuza kolakwika.

Pali msampha wina woopsa. Vite imatumiza ku tsamba mayina okhawo oyamba ndi `VITE_`, ndiye wina akaona kiyi ya malipiro isakufika, amangowonjezera `VITE_` kutsogolo kwake. Zimayendadi, koma kiyiyo yalowa m'mafayilo amene aliyense wotsegula tsambalo angawerenge. Kiyi yotereyi ikhale ku seva, tsamba lizipempha kudzera kumeneko. Ngati inatuluka kale, kuifufuta m'khodi sikukwanira. Ithetsedwe kwa amene anaipereka, patengedwe yatsopano.