Kaundula wa Lachisanu: Mmene Mungadziwire Maganizo a Obetcha pa Golide

Pakati pa mwezi wa Ogasiti 2018, golide anali ngati mwana wamasiye pamsika. Mtengo wake unatsika kufika pafupifupi madola 1,160 pa aunsi, dola inali ndi mphamvu, ndipo banki yaikulu ya ku America inali kukweza chiwongoladzanja. Golide sabereka chiwongoladzanja, choncho eni ndalama ambiri anamufulatira. Koma amene ankawerenga lipoti lina lotuluka Lachisanu lililonse anaona chinthu chachilendo: akuluakulu obetcha pa mtengo wa golide anali ataunjikana mbali imodzi, yoti mtengo utsikabe, mwaunyinji umene sunaonekepo chiyambire kaundula wawo.

Lipotilo dzina lake ndi Commitments of Traders. Limatulutsidwa ndi bungwe la boma la America loyang'anira misika ya makontrakiti, la CFTC, ndipo aliyense angaliwerenge ulere pa cftc.gov. Limatuluka masana ku Washington, kuno kwathu ili 9:30 kapena 10:30 usiku malinga ndi nyengo ya chaka.

Tiyambe ndi chimene chimawerengedwa. Pa msika wa COMEX ku New York, anthu ambiri sagulitsana golide wogwirika. Amagwirizana lero mtengo wa golide amene adzaperekedwe mwezi wina kutsogolo, monga mmene wamalonda amapanganirana mtengo ndi mlimi chimanga chikadali m'munda. Kontrakiti imodzi ndi maaunsi 100, amene ndi makilogalamu atatu ndi pang'ono. Amene walonjeza kugula amalembedwa pansi pa mawu akuti Long, ndipo amapindula mtengo ukakwera. Amene walonjeza kugulitsa amalembedwa pansi pa Short, ndipo phindu lake lili pa kutsika kwa mtengo. Ochuluka sadikira kulandira golideyo. Amatseka pangano nthawi isanakwane n'kutenga phindu kapena kulipira zimene aluza.

Kontrakiti iliyonse ili ndi wogula ndi wogulitsa, kotero mukaphatikiza msika wonse mbali ziwirizi zimafanana ndendende. Nzeru ya lipotili ili pa kugawa anthu m'magulu. Mumtundu wa lipoti wotchedwa Disaggregated, umene unayamba kutuluka mu 2009, muli gulu la eni migodi, oyenga ndi ogulitsa golide weniweni. Awa kawirikawiri amakhala mbali yogulitsa, osati chifukwa akulosera kugwa kwa mtengo, koma akuteteza katundu amene ali naye kale. Muli mabanki akuluakulu amene amakhala pakati pa makasitomala awo ndi msika. Ndiye muli gulu lolembedwa Managed Money, makampani oyendetsa ndalama za anthu ena n'cholinga chopindula ndi kusintha kwa mtengo basi. Ofuna kudziwa mtima wa obetcha amayang'ana mzere umenewu.

Masamu ake ndi a sitandade 3. Tiyerekeze kuti sabata ino gululi lili ndi makontrakiti 150,000 ogula ndi 50,000 ogulitsa. Mukachotsera, mutsala ndi 100,000 mbali yogula, omwe ndi golide wokwana matani pafupifupi 311. Sabata yamawa mupeza kuti chotsalacho chafika 130,000. Olemba nkhani adzati obetcha aikonda golide. Mwina ndi zoona, mwinanso ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ngati ogula akwera kufika 180,000 pomwe ogulitsa ali pomwepo, ndiye kuti ndalama zatsopano zalowa, anthu akukhulupiriradi kuti mtengo ukwera. Koma ngati ogula akadali 150,000 ndipo ogulitsa atsika kufika 20,000, palibe watsopano amene wakopeka. Angothawa amene anabetcha molakwika, ndipo kugula kwa wothawa kumatha akangotuluka pakhomo. Mzere wa Open Interest, womwe umaonetsa makontrakiti onse osatsekedwa, umathandiza kusiyanitsa: ukamakwera limodzi ndi mtengo, anthu akulowa, ukamatsika mtengo ukukwera, anthu akutuluka.

Nambala ya sabata imodzi payokha sinena kanthu. Muyenera kuiika pambali pa za zaka zitatu kapena zisanu zapitazo kuti muone ngati ili pakatikati kapena yafika kumapeto. Chifukwa chake n'chosavuta. Minibasi ikadzaza sipakhalanso wokwera, otsala ndi otsika okha. Aliyense wofuna kubetcha kuti golide atsika akabetcha kale, wogulitsa wina wokankhira mtengo pansi achokera kuti? Komanso aliyense wa iwo ayenera kudzagula tsiku lina kuti atseke pangano lake.

Izi n'zimene zinachitika mu 2018. Pofika kumayambiriro kwa Okutobala, mbali yogulitsa ya Managed Money inali itakulirakulirabe, koma mtengo sunatsikenso kupyola wa mu Ogasiti uja. Unkangozungulira pafupi ndi madola 1,200. Chimenecho ndicho chinali chizindikiro chenicheni: ogulitsa akuchuluka koma mtengo wakana kugwa. Pa 11 Okutobala, misika ya masheya ku America itagwedezeka, golide analumpha ndi maperesenti oposa awiri tsiku limodzi, ndipo malipoti otsatira anaonetsa ogulitsa aja akutseka mapangano awo mothamanga. Pofika Ogasiti 2019 aunsi inali itadutsa madola 1,500.

Musafulumire kuganiza kuti mwapeza chithumwa. Mu Julayi 2015 gulu lomweli linapendekera mbali yogulitsa koyamba m'mbiri ya kaundulayu. Amene anagula golide sabata imeneyo, poganiza kuti mtengo wafika pansi, anapuma pang'ono kenaka n'kuona ukugweranso mpaka pafupifupi madola 1,050 mu Disembala. Anadzapindula mu 2016, inde, koma okhawo amene thumba lawo linapirira miyezi isanu. Lipotili limakuuzani kuti udzu wauma. Silikuuzani tsiku limene moto udzabuke. Ine ndimaliona ngati chenjezo loti ndisalowe kumene khamu ladzaza kale, osati lamulo loti ndigule kapena ndigulitse.

Palinso kuchedwa. Manambala otuluka Lachisanu ndi a Lachiwiri madzulo, choncho nkhani yaikulu ikagwa Lachitatu, mukuwerenga za msika umene wasintha kale. Boma la America likaima ntchito chifukwa cha mkangano wa bajeti, monga zinachitikira kumapeto kwa 2018 mpaka Januwale 2019, lipoti limaima kwa masabata angapo.

Malire aakulu koposa ndi akuti COMEX si msika wonse wa golide. Malonda a mabanki ku London ndi a ku Shanghai mulibe m'kaundulayu, ngakhalenso mabanja a ku India ogula zibangili za ukwati. Mu 2022 mabanki aakulu a mayiko anagula golide woposa matani 1,000, ndipo anachitanso chimodzimodzi mu 2023. Chaka cha 2022 chomwecho obetcha a ku New York anali atabwereranso mbali yogulitsa kwa kanthawi, chiwongoladzanja chikukwera mofulumira, koma golide sanagwe monga ambiri ankayembekezera. Wina amene sankaoneka mu lipoti anali kugula.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukhudza bwanji munthu wa kuno. Kuyambira 2021, Reserve Bank of Malawi imagula golide kwa okumba ang'onoang'ono, ndipo wogula aliyense, wa boma kaya wamseri, amayang'ana mtengo wa padziko lonse asanatchule wake. Wokumba ku Makanjira sangasinthe mtengowo, koma angadziwe ngati kukwera kwa mwezi uno kwachokera kwa ogula atsopano kapena kwa ogulitsa othawa.

Mukatsegula lipotilo Loweruka m'mawa, pezani golide wa COMEX, nambala yake ndi 088691, ndipo lembani mbali ya Long payokha ndi ya Short payokha musanachotsere.